Mitambo ya pachithunzi: kodi ndi ku Zombadi?

Ndikalandira chithunzi chomwe akuti anajambula ku Zomba mu Julaye, ndimayamba ndaphimba kumwamba ndi dzanja n'kuona zapansi: mzere wa phiri, misewu, nyumba. Malo amadziwika ndi zinthu zosasuntha. Mtambo umasintha m'mphindi zochepa, ndipo wofanana nawo umapezeka kwina konse.

Kenako ndimachotsa dzanja n'kufunsa funso limodzi: kodi kumwambaku kukugwirizana ndi mwezi womwe akunena? Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuno timaona chiperoni, mitambo yotuwa yotsika pansi yochokera kum'mwera chakum'mawa, ya mvula yamawawa. Chithunzi chikaonetsa chimtambo chotalika, chakuda kunsi, mutu wake wophwatalala, umenewo ndi mtambo wamabingu wa m'dzinja. Chimanga chikakhalanso chobiriwira m'minda yakumtunda, za Julayezo ndimazikana. Malowo sindinawakane, akhoza kukhala Zomba yemweyo mu Januwale.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokera. Akaona nkhungu itakuta phiri amati basi, ndi Zomba. Chiperoni chomwecho chimakutanso Mulanje, Thyolo ndi Blantyre. Mpweya wachinyezi ukagunda phiri lililonse umakwera, n'kuzizira, n'kusanduka mtambo. Nkhunguyo ikundiuza kuti pali phiri ndi chinyezi, sikundiuza dzina la phirilo.

Chomwe ndimachidalira pang'ono ndi pomwe mtambo wadula phiri. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo Malumbe, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Zomba, imapitirira pang'ono mamita 2,000. Mitambo yoyera ya masana, yathyathyathya kunsi, imayambira pa mamita pafupifupi 125 pa digiri iliyonse yosiyanitsa kutentha kwa mpweya ndi mlingo womwe mame amayambira kupangika. Tinene kuti zanyengo za tsikulo zikuonetsa madigiri 26 ndi 18. Kusiyana ndi 8, ndiye mamita 1,000 pamwamba pa tauni, kutanthauza kuti mtambo uyenera kungokhudza pamwamba pa phiri. Ukakhala utameza phiri mpaka m'munsi, tsiku kapena ola lomwe akunena ndi lokayikitsa. Masamuwa ndi a mitambo yobadwa ndi kutentha kwa dzuwa yokha. Pa chiperoni sagwira.

Pomaliza ndimatsegula NASA Worldview, tsamba la pa intaneti loonetsa zithunzi za setilaiti za tsiku ndi tsiku, n'kusankha tsikulo, n'kuyang'ana pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Chilwa. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha setilaiticho kamaimira mamita 250 kapena kuposa, ndipo setilaiti iliyonse imadutsa masana pafupifupi kamodzi, choncho mtambo wanu weniweniwo simuupeza. Mungoona ngati dera lonse linali lophimbika kapena loyera. Chithunzi cha m'mamawa musachiweruze ndi chimenecho, chifukwa nkhungu ya m'mawa nthawi zambiri imakhala itabalalika setilaiti isanafike.