Mmene ndinaphunzirira kuyamba ndawerenga malikisi ndisanalembe yankho

Mayeso ndamaliza, ndapuma tsopano, koma mtima udakandiwawabe ndikakumbukira miyezi imene ndinataya. Ndimalembanso MSCE kachiwiri, masana ndili ku ntchito ku Limbe, madzulo ndili ku patitaimu. Aphunzitsi athu a hisitole kumeneko anali ndi nyimbo imodzi yokha: lembani zambiri, dzazani pepala, ochonga amasangalala akaona masamba ambiri. Ife tinkangovomera, popeza tinkalipira mwezi ndi mwezi.

Chimene chinanditsegula maso ndi moki. Tinalipira ndalama ina yapadera ya moki, ndipo titalemba anatiuza kuti tibwere Loweruka 8 koloko kudzatenga mapepala. Ndinapempha tchuthi ku ntchito, ndinakwera minibasi kuchokera ku Bangwe, ndinakhala pakhonde mpaka 2 koloko masana aphunzitsi osaoneka, foni osayankha. Atafika anangotiponyera mapepala pa desiki nkumati akuthamangira kwina. Palibe funso ngakhale limodzi limene anatifotokozera. Loweruka lathunthu, ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera, malipiro a tsiku limenelo, zonse zinapita kuti ndingolandira pepala lolembedwa 4 pa 10 popanda mawu ena alionse.

Funso limene ndinapezapo 4 pa 10 lija linali lakuti tifotokoze zifukwa zisanu zimene zinachititsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, malikisi 10. Ine ndinalemba masamba awiri ndi theka. Ndinayamba ndi mmene Chilembwe anakumanirana ndi Joseph Booth, ulendo wake wa ku America mu 1897, kubwerako mu 1900, kukhazikitsa mishoni ku Mbombwe ku Chiradzulu. Zonse zoona, palibe bodza, koma tsamba loyamba lonse linalibe chongi ndi chimodzi chomwe.

Amene anandithandiza ndi mayi ena a ku tchalitchi kwathu amene anaphunzitsa hisitole zaka zambiri asanapume. Anayang'ana pepalalo nkundifunsa kuti, "Mwanangu, anakufunsa mbiri ya Chilembwe kapena zifukwa?" Kenaka analoza nambala ili kumapeto kwa funso nkunena kuti nambala imeneyo ndiye ikukuuza kukula kwa yankho. Zifukwa zisanu, malikisi 10, ndiye kuti chifukwa chilichonse chili ndi malikisi awiri: imodzi yotchula chifukwacho, ina yofotokoza mmene chinakankhira anthu kuukira. Ndinati, "Amayi, basi zokhazo?" Anati basi.

Tinakhala pansi kulikonzanso. Choyamba anandiuza kuti ndilembe mawu asanu okha mmbali mwa pepala ndisanayambe chiganizo chilichonse: thangata, msonkho, malo, matchalitchi, nkhondo. Zimenezi sizidya ngakhale mphindi ziwiri. Kenaka liwu lililonse linasanduka ndime yakeyake ya ziganizo ziwiri kapena zitatu. Pa thangata ndinalemba kuti anthu okhala pa minda ya azungu, monga ya A. L. Bruce ku Magomero, ankakakamizidwa kugwira ntchito ngati lendi ya malo amene ankakhalapo. Imeneyo ndi malikisi yoyamba. Yachiwiri inabwera nditawonjezera kuti ntchitoyo inkawadyera nthawi ya minda yawo ndipo nkhanza za woyang'anira, William Jervis Livingstone, zinadzetsa chidani chimene chinawafikitsa potenga mikondo. Pa nkhondo chimodzimodzi: kutchula kuti Aafirika ankatengedwa kukhala asilikali ndi atengatenga pa nkhondo imene inayamba mu 1914 ndi theka chabe la yankho, theka linalo ndi kunena kuti Chilembwe anadandaula poyera kuti anthu ake akufera nkhondo imene sadzapindula nayo kanthu. Pa matchalitchi ndinanena za kutenthedwa kwa matchalitchi a anthu a Chilembwe pa esiteti ya Bruce ndi mmene zinamukwiyitsira. Yankho lonse linakwana tsamba limodzi.

Nditabwerera ku pepala la moki ndinaona kumene 4 uja anachokera. Thangata ndinalifotokoza bwino, awiri. Msonkho ndi nkhondo ndinangozitchula mothamanga nthawi itanditsalira pang'ono, imodzi imodzi. Malo ndi matchalitchi sindinafikeko nkomwe. Mukafuna kudziwa ngati mukungotchula osafotokoza, fufuzani mu ndime yanu ngati muli mawu onga "chifukwa chake" kapena "zimenezi zinachititsa kuti". Akasowa, mwina mwasiya malikisi imodzi pa tebulo.

Ndaiwala za nthawi, chikhalirecho ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Malikisi amakuuzaninso mphindi. Tengani nthawi ya pepala lonse, chotsaniko yowerenga mafunso ndi yobwereza pomaliza, yotsalayo muigawe ndi malikisi onse. Tiyerekeze pepala la maola awiri la malikisi 100: mphindi 120, kuchotsa 20, zatsala 100, ndiye kuti malikisi imodzi mphindi imodzi. Funso la Chilembwe lija linayenera mphindi 10. Ine ndinalipatsa pafupifupi 30, ndipo mphindi 20 zoonjezerazo ndinaziba ku funso lomaliza limene ndinkalidziwa bwino koma ndinalisiya lili mbee. Muwerengere nokha pa pepala lanu chifukwa mapepala amasiyana, ndipo muchite zimenezi kunyumba ndi mapepala a mayeso akale, osati m'chipinda cha mayeso.

Ku jogalafe vuto langa linali lomwelo. Funso la malikisi 3 lofuna mmene mvula ya m'mapiri imapangikira ndinkaliyamba ndi mitundu yonse ya mvula. Malikisi atatu ndi masitepe atatu basi. Mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja ya mchere ya Indian ikafika pa phiri ngati la Mulanje imakakamizidwa kukwera. Ikamakwera imazizira ndipo nthunzi imasanduka mitambo. Mvula imagwa mbali imene mphepo ikuchokera, pamene mbali inayo, monga cha ku Phalombe, imalandira yochepa. Ziganizo zitatu, mphindi zitatu, pitani kwina. Funso lomwelo likakhala ndi malikisi 6 kapena kuposa, pamenepo ndiye muganize zojambula chithunzi cholembedwa maina ndi kufotokoza chifukwa chimene mpweya wotsika mbali inayo umakhalira wofunda ndi wouma.

Pali malo amene kuwerengera kumeneku kumavuta. Funso lina silinena kuti mfundo zingati, limangoti fotokozani, malikisi 10. Mayi aja anati pamenepo ndikonze mfundo zisanu zofotokozedwa bwino, ndipo nthawi ikalola ndiwonjezere yachisanu ndi chimodzi yotchinjiriza ngati ina yaphonya. Koma funso likanena kuti zisanu, ndipereke zisanu zamphamvu poyamba, chifukwa zoonjezera sizidutsitsa malikisi amene alembedwawo. Likafuna chimangirizo chathunthu, chiyambi ndi mathero zikhalepo koma zazifupi, ziganizo ziwiri chilichonse, osati tsamba la mbiri ya munthu. Ndipo likangoti tchulani, musafotokoze, liwu kapena mzere umodzi wakwana.

Tsiku la mayeso enieni ndinayamba ndazunguliza nambala ya malikisi pa funso lililonse, nkulemba pambali pake mfundo zingati ndi mphindi zingati. Yang'anani nambalayo musanagwire cholembera, ndikubwerezanso dala. Ndinayankha mafunso onse amene ndinayenera kuyankha ndipo zinanditsalira mphindi zobwerezera. Ku patitaimu kuja sindinabwererenso chichitikire za Loweruka lija, ngakhale ndinali nditalipira kale mwezi umenewo, ndipo ndalama ya moki ija mpaka lero imandiwawa.