Kulemba imelo youza kasitomala kuti inshuwalansi silipira Sienta yake

Ndine ejenti wa inshuwalansi ku Blantyre kuno, ndipo sabata yatha ndinatsala pang'ono kudwala mutu ndi imelo imodzi yokha. Mayi wina wa ku Bangwe ali ndi Sienta yomwe anaidulira inshuwalansi ya kompirehensivu, ija imalipiranso galimoto ya mwiniwake ikawonongeka pa ngozi, ngati galimoto yoyendera pakhomo. Mwana wawo anaitenga n'kumanyamulira anthu olipira pakati pa Limbe ndi Bangwe, inagundidwa, ndipo lipoti la apolisi linalemba poyera kuti munali apasinjala. Kugalaji anati kukonza ndi K2,400,000. Kampani inakana kulipira, chifukwa polise, kapena kuti mgwirizano wa inshuwalansi, ya galimoto yapakhomo siteteza galimoto ikamanyamula anthu molipiritsa.

Chomwe chinandikwiyitsa si kukanako, kukana kunali m'malo mwake. Ndi kalata imene a ku ofesi yoona zolipira ananditumizira kuti ndingoipititsa kwa mayiwo. Masamba awiri a Chingerezi cha maloya, ndime yonse ya zosatetezedwa angoikopera momwe ilili, nkhondo, zipolowe, kutha kwa matayala, zonse zili momwemo, koma osaloza kuti pa zonsezi chakhudza mayiwa ndi chiti. Ndinapita komweko mtauni kukafunsa nambala ya ndime yeniyeniyo. Wosayinira ali kumsonkhano. Bwerani ikatha nkhomaliro. Nditabwerera, akuti faelo ili kwa abwana. Tsiku lonse linathera pabenchi chifukwa cha nambala imodzi.

Koma inu maejenti anzanga, nambalayo musaisiye. Musalembe imelo musanadziwe ndime imodzi yomwe yakanitsa, ndi tsamba lake mu polise ya kasitomalayo, osati ya chaka chatha.

Nditaipeza ndinalemba motere. Yankho ndinaliika mu mzere woyamba, chifukwa anthu ambiri amawerengera pafoni ndipo akaona moni wautali amayamba kuyembekeza ndalama:

"Mayi, kampani yakana kulipira K2,400,000 yokonzera Sienta yanu. Chifukwa chake n'chimodzi. Inshuwalansi yanu ndi ya galimoto yoyendera inu ndi banja lanu, siteteza galimoto ikamanyamula anthu olipira. Lipoti la apolisi likuti pa tsiku la ngozi m'galimotomo munali anthu amene analipira. Zimenezi zalembedwa mu polise yanu pa ndime yomwe ndaizunguliza pa chithunzi ndaphatikizachi."

Onani kuti sindinalembe kuti "munaphwanya mgwirizano" kapena "munabisa". Ndinati "lipoti la apolisi likuti". Mukamuloza chala munthu, imelo yotsatira imakhala yodziteteza, za polise aiwala. Komanso mwina mayiwo sankadziwa n'komwe zomwe mwana amachita ndi galimoto m'mawa.

Ndinayamba ndawaimbira foni, ndinaiwala kunena. Nkhani ya mamiliyoni siyoti munthu aiyambire pa imelo. Foni ndi yopepesa, imelo ndi yoti zikhale zolembedwa.

Pafonipo ndi pomwe ndinamva chomwe chimawasokoneza. Ankaganiza kuti kompirehensivu imatanthauza chilichonse, ndiponso ankasakaniza ndi ndalama ija mwini galimoto amalipira yekha pa ngozi iliyonse, ekisesi. Amafunsa kuti, "Ndiye ndikalipira gawo langalo, iwo amaliza?" Ndiye mu imelo ndinawonjezera mizere iwiri: ekisesi imagwira ntchito kampani ikavomera kulipira, inu mumapereka gawo laling'ono iwo n'kupereka lotsala. Pano kampani sinavomere, choncho palibe gawo loti mugawane. Mukapanda kulemba izi, munthu amakasiya galimoto kugalaji poganiza kuti ndalama ili m'njira.

Mawu akuti "mwina", "tiyesetsa", "tiona mmene tingachitire" ndinawachotsa onse. Amamveka aulemu koma kasitomala amawawerenga ngati lonjezo, ndipo tsiku lina adzakuonetsani imelo yanu yomwe.

Gawo lomaliza linali la zomwe angachite. Ngati anthu amene anali m'galimotomo anali achibale osalipira, mayiwo alembere kampani kuti iunikenso, aphatikize umboni. Ikakanabe ndipo iwo sakukhutira, atha kukadandaula kwa Mlembi wa mabungwe a zachuma ku Reserve Bank ya Malawi, komwe makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa. Ndipo ngati Sientayo ipitirize kunyamula anthu, polise isinthidwe ikhale ya galimoto yamalonda isanabwerere pamsewu. Mtengo wake ndi wokwerapo, zimenezonso ndinalemba osabisa.

Kalata ya maloya ija ndinaiphatikizabe kumapeto, poti ndiyo yovomerezeka ya kampani, ndipo ndinanena kuti imelo yanga ikungoifotokoza, sikuilowa m'malo. Ndisanatumize ndinamuwerengera mnzanga wa pa risepishoni n'kumufunsa kuti kampani ilipira kapena silipira, chifukwa chiyani. Anayankha zonse ziwiri osabwereza kuwerenga, ndiye ndinatumiza. Mayiwo anayankha madzulo kuti amva, ndipo akufuna mtengo wa polise yamalondayo. Koma chonde, nambala ya ndime ndi tsamba, zipezeni musanayambe kulemba.