Mpanda wanga wa mbali ziwiri

Abale inu ndisanameyi, masamu a kupulayimale anandichititsa manyazi ku Ulongwe kuno. Ndili ndi kapuloti kotalika mamita 30, mulifupi 20, ndinadzalamo timitengo ta mapichesi koma mbuzi za aneba zinkangokayesa kwawo. Ndiye ndinati basi nditchinge ndi waya waminga.

Ndinakhala pakhonde ndi foni, 30 kuphatikiza 20, yapereka 50. Mapolo a bulugama potalikirana mamita awiri ndi theka, akwana 20, lililonse mametikali 80, ndiye 1,600. Waya mizere inayi, mamita 200, mpukutu umodzi wa mamita 250 wa 2,500 ukwana mpaka kutsala. Misomali yokhota ija 300. Zonse 4,400 basi, ndinauza mayi akunyumba monyada kuti ena amangoononga ndalama kamba kosaphunzira.

Loweruka abwera amalume kudzandithandiza kukumba maenje. Tazika, tazika, pofika pangodya yachitatu mapolo psiti, puloti theka ili pululu.

"Mphwanga, munda wakowu uli ndi mbali zingati?"

"Zinayi amalume."

"Nanga ziwiri zinazo unapangana ndi mbuzi kuti zisamadzereko?"

Apa mpomwe ndinazindikira kuti kuzungulira puloti ndi 30, 20, 30, 20, mamita 100 osati 50. Munthu wanzeru akanangovomera. Ine ayi, ndinati tizule polo limodzi limodzi pakati, atalikirane mamita 5, omwewo 20 azungulira. Anazunguliradi! Koma waya uja pa mamita 100 unangokwana mizere iwiri ndi theka, ndipo pa mamita 5 ngakhale ukoke bwanji pakati umagwa ngati chingwe choyanikapo zovala. Titakoka mwamphamvu polo lapangodya linaweramira mkati poti linalibe chochirikiza. Amalume anangokhala pachitsa nkumasenda nzimbe osayankhula kanthu. M'mawa mwake ndinapeza mbuzi zitatu mkati, ina itapondetsa mwendo pawaya ngati ikutsekulira anzake.

Masamu enieni anandiwerengera amalume ndi kamtengo pansi. Mamita 100 kugawa ndi awiri ndi theka, mapolo 40. Pangodya iliyonse awiri opendeka ochirikiza, ndiye ena 8, onse 48, mametikali 3,840. Waya mizere inayi ndi mamita 400, ndipo kusitolo ndinagulako sadula, umagula mpukutu wathunthu, ndiye iwiri, 5,000, mamita 100 otsalawo ndi ako ufune usafune. Ndi misomali ija zonse 9,140, geti ndi ngolo yonyamula mapolo osawerengera.

Ndinabwerera kusitolo ndi ndalama yomwe tinkasungira feteleza. Mpaka lero mayi akunyumba ndikati ndipite kumsika amandifunsa pamaso pa ana, "Bambo, nkhuku mukagule ya miyendo ingati, muwerenge bwino mbali zonse."