Kalata kwa awerengi: ndipuma kulemba miyezi itatu, ntchito ya mango ipitirira

Okondedwa awerengi,

Ndikulemba kalatayi kuti ndikudziwitseni kuti kuyambira tsiku loyamba la Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale sindidzakhala ndikulemba za nazale yanga ya mango monga mwa nthawi zonse. Chifukwa chake si chachilendo kwa aliyense amene ali ndi munda. Mvula ikangokhazikika, kudzala, kupalira, kuthira feteleza ndi kubandira zimatsatana mopanda mpata, ndipo munthu akaweruka kumunda madzulo mphamvu yokhala pansi n'kulemba imakhala itatha. Chifukwa china n'chakuti m'miyezi imeneyi ndimaleka kumezanitsa, popeza kuno ku Zomba mvula imatha kugwa masiku angapo osakata, ndipo bala la pamtengo likalowa madzi kanthambi kamene mwalumikiza kamachita chuku n'kuola kasanagwirane ndi tsinde. Mpeni wanga womezanitsira ndaupukuta, ndaupaka mafuta, ndipo udikira mpaka Ogasiti, pamene kunja kumayamba kufunda.

Komabe nazale siima chifukwa choti mwini wake waleka kulemba. Kunena zoona, mbande zimene ndidzamezanitse chaka chamawa zimachokera m'miyezi itatu yomweyi, chifukwa njere za mango zimapezeka pamene mango akupsa basi, ndipo sizisungika. Njere ya chimanga mutha kuiika m'thumba n'kudzaidzala chaka chinacho, koma ya mango ikauma imafa, moti pakatha milungu yowerengeka chidyereni bango, zambiri sizimeranso. Choncho ntchito yoyamba imene ipitirire ndi yotola ndi kufesa njere, ndipo ndikufuna ndiifotokoze bwinobwino kuti amene mwakhala mukuchitira limodzi ndi ine musadikire zolemba zanga pamene mango akutha mumitengo.

Njere zimene ndimafesa ndi za mango a makolo, makamaka Domasi ndi Boloma, osati za Tommy Atkins, Kent kapena Keitt, ngakhale kuti mitundu itatuyi ndiyo ndimafuna kudzakolola. Njere ya Kent mukaifesa imatulutsa mphukira imodzi yokha, ndipo mtengo wake sudzabala zipatso zofanana ndi za mayi wake, n'chifukwa chake mitundu imeneyi timaichulukitsa pomezanitsa. Njere ya mango a makolo nthawi zambiri imatulutsa mphukira zingapo, ndipo zambiri mwa izo zimatengera mayi wake ndendende, kotero kuti matsinde amene mumapeza amakhala ofanana komanso ozolowera dothi lathu ndi chilimwe chathu.

Ndimasankha bango lopsera mumtengo, ndipo likadyedwa ndimatsuka njereyo n'kuiyanika pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri, kuti khoko lake lileke kuterera. Kenaka ndimadula khokolo m'mphepete mosamala n'kutulutsa njere yeniyeni ya mkati, yooneka ngati nyemba yaikulu. Ena amafesa ndi khoko lomwe, ndipo zimamera ndithu, koma zimachedwa ndipo mphukira zina zimatuluka zopindika chifukwa cholimbana ndi khokolo. Ubwino waukulu wotsegula ndi wakuti mumaona zimene zili mkati. Muli kachilombo kena kofanana ndi nankafumbwe kamene kamakulira mkati mwa njere bango likadali laliwisi, ndipo kunja simuona chizindikiro chilichonse, koma mukatsegula mumapeza njere yakuda, yofumbwa, nthawi zina kachilomboko kali momwemo. Njere yotere ndimaitentha, sindiitaya kudzala, chifukwa kutero ndi kusunga tizilombo ta chaka chamawa. Njere yabwino imakhala yoyera, yolimba ndi yodzadza.

Machubu ndimagwiritsa ntchito aakulu, otalika masentimita 25 kapena 30, chifukwa muzu woyamba wa mango umalowa pansi kwambiri ndipo m'chubu chaching'ono chonga cha bulugamu umapindika. Dothi ndimasakaniza magawo awiri a dothi lapamwamba, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Mchengawo ndi wofunika koposa m'dzinja, popeza chimene chimapha mbande nyengo ino ndi madzi odikha m'chubu. Njere ndimaiimika chammbali, msana wake wokhota utaloza kumwamba, n'kuikwirira ndi dothi la masentimita 2 kapena 3. Pakapita milungu iwiri mpaka inayi mphukira zimatuluka, ndipo masamba oyamba amakhala ofiirira, ofewa, olendewera ngati ofota. Ambiri amandifunsa ngati amenewo ndi matenda, koma ayi, ndi mmene masamba atsopano a mango amaonekera, ndipo amadzabiriwira okha akakhwima. Mphukira zikakula pang'ono ndimasiya imodzi yamphamvu m'chubu chilichonse, zinazo n'kuzidula pansi penipeni. Mbande yofesedwa mu Disembala ikasamalidwa bwino imafika pa kunenepa ngati pensulo pofika Seputembala kapena Okutobala, ndipo pamenepo ndiye yakwana kumezanitsa.

Ntchito yachiwiri ndi yosamala mbande zimene ndinamezanitsa mu Seputembala, zimene ndinakusimbirani m'zolemba zapitazo. Pa mbande khumi zilizonse, zisanu ndi ziwiri zinagwira, ndipo Tommy Atkins ndiye anagwira bwino kuposa Keitt, amene timitengo take ndinakatenga patali ndipo tinagona panjira. Zimene zinagwira tsopano zaphukira kawiri, ndipo timapepala ta fulizesi timene ndinavundikira pamwamba kuti tinthambi tisaume ndinachotsa kale. Chatsala ndi pulasitiki yomangira pamfundo, pamene kanthambi kanalumikizidwa ndi tsinde. Imeneyi siyenera kuiwalika, chifukwa m'dzinja tsinde limanenepa msanga, ndipo pulasitiki ikakhalitsa imalowa m'khungwa, pamfundo pamatupa, mapeto ake mphepo ikaomba mtengo umathyokera pomwepo. Ndimaona ngati mabala a mbali zonse ziwiri atsekeka ndi khungwa latsopano, ndipo zikatero ndimang'amba pulasitikiyo ndi lezala chakumbuyo, kutali ndi bala.

Palinso mphukira zotuluka m'munsi mwa mfundo, zimene ndimaziona ngati mdani wamkulu wa mbande yomezanitsa kuposa matenda. Tsinde la mango a makolo limafunabe kukula palokha, ndipo mphukira yake imakhala yamphamvu ndi yokongola kuposa ya kanthambi kamene munalumikiza, moti munthu wosadziwa amasangalala kuti mtengo ukukula. Mukailekerera mwezi umodzi wokha imalanda chakudya chonse, kanthambi ka pamwamba kamaima kukula kenaka n'kuuma, ndipo patapita zaka mumadzadabwa mukuthyola Boloma pamtengo umene munkauyesa Kent. Kuzindikira kwake n'kosavuta, chifukwa chilichonse chotuluka pansi pa chipsera cha mfundo n'chochotsa. Ntchito imeneyi ndamusiyira mphwanga amene amakhala nafe pakhomo pano, kuti Loweruka lililonse azidutsa mzere uliwonse n'kumakonyola mphukirazo ndi zala zikadali zanthete. Tsiku lomwelo azinyamula chubu chilichonse n'kuchisuntha pang'ono, chifukwa mizu ikaboola pansi n'kulowa m'nthaka, pa tsiku lookera mumaidula ndipo mbande imafota.

Udzu wa pashedi ndaupungula kuti dzuwa ndi mphepo zizilowa. Masamba anthete akamakhala onyowa usiku wonse amachita madontho akuda amene amakula n'kulumikizana, ndipo nsonga imauma kuchokera pamwamba. Mankhwala a kopa amathandiza mukapopera matendawa asanafalikire, potsata muyeso wolembedwa papaketi, koma ine ndaona kuti kutalikitsa machubu kuti masamba asamakhudzane, ndi kuchotsa masamba odwala msanga, kumachepetsa vutoli kwambiri.

Ntchito yachitatu ndi yookera, ndipo imeneyi ndiichita ndekha mvula ikalowerera bwino pansi, chapakati pa Disembala. Ndasankha mbande 12 zimene zakhwima kuposa zinzake. Maenje ndinakumba kale mu Okutobala, otalika masentimita 90 mbali zonse ndi kuya komwe, motalikirana mamita 9, ndipo ndinawakwirira ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi ndowa ziwiri za manyowa kuti atitimire mbande isanalowemo. Mamita 9 amaoneka ochuluka pamene mbande ili yofika m'bondo, ndipo mnansi wanga wandiseka kale kuti ndikuononga malo, koma aliyense amene anakhalapo pansi pa mtengo wa mango wa zaka 15 akudziwa kutambalala kwake, ndipo pakati pa mizereyo ndidzalapo mtedza ndi nandolo kwa zaka zingapo. Pookera ndimang'amba chubu osaphwanya dothi lake, ndipo mfundo ndimaisiya pamwamba pa nthaka mosachepera chikhatho chimodzi, chifukwa ikakwiririka imaola. Pambali ndimazika kamtengo komangirirapo, ndipo udzu wophimbira ndimauyala mozungulira koma osakhudza tsinde, poopa chiswe. Mbuzi zimakhala zomangirira m'dzinja, koma mpanda waminga ndiumangabe tsopano, chifukwa zikadzamasulidwa anthu atakolola sindifuna kudzayamba kuthamanga. Ng'amba ikabwera mu Januwale kapena Febuluwale, monga imachitira zaka zina, mtengo uliwonse uzilandira ndowa imodzi ya malita 20 pa sabata.

Pa mbande 12 zimenezi, theka ndi Keitt, ngakhale kuti ndiye anandivuta kugwira. Ndamukondera chifukwa amapsa mochedwa, pamene mango a makolo atha kale pamsika, ndipo pakhomo pamakhala chipatso nthawi imene ena alibe. Amene mukuokera chaka chino mudziwiretu kuti mbande yomezanitsa imatha kuchita maluwa m'chaka choyamba chomwe, chifukwa kanthambiko kanachokera pamtengo wobala kale, koma maluwa amenewo ndi othothola kwa zaka ziwiri zoyambirira kuti mphamvu ipite ku nthambi ndi mizu. Zipatso zenizeni muziyembekezere m'chaka chachitatu kapena chachinayi.

Kope langa la nazale lipitiriza kulembedwa ngakhale kuti inu simuliona. M'menemo mudzalowa tsiku lofesa, mtengo umene njere zinachokera, kuchuluka kwa njere zofumbwa, tsiku lomera, ndiponso mbande iliyonse imene yafa pamodzi ndi mmene inkaonekera isanafe. Chimene ndikufuna kudziwa chaka chino n'chakuti pakati pa Domasi ndi Boloma, ndi uti amene amafika msanga pa msinkhu womezanitsa, ndipo ndafesa kale mizere iwiri moyandikana, dothi limodzi, tsiku limodzi. Mafunso amene munanditumizira okhudza kumezanitsa mapeyala ndawasunga, ndipo ndidzawayankha ndikadzabwerera. Zolemba zotsatira zidzatuluka sabata yoyamba ya Malichi, ndipo ndidzayamba ndi zimene mizere iwiriyo idzakhale itaonetsa.

Ndine wanu,
mnzanu wa kunazale