Nkhope ya pa windo, thupi la padzuwa: zomwe ndaphunzira sabata ino

Sabata yonseyi ndakhala pa foto imodzi yokha. Mchemwali wanga anajambulitsa panja atavala bwino, koma pa foto yomwe thupi ndi zovala zinatuluka bwino anali ataphethira, ndiye anandipatsa ina yomwe anajambulitsa m'nyumba tsiku lina kuti nditengeko nkhope. Kudula nkhopeyo ndi kuimata pa thupi mu pulogalamu yokonzera mafoto sikunavute, mphindi zochepa zatheka. Koma ukaiona umangodziwa kuti mutuwu siwapamenepa ngakhale sungathe kuloza penipeni pomwe palakwika.

Masiku awiri oyamba ndinkalimbana ndi kala. Ndimati mwina nkhope yafiira kwambiri, ndichotseko, mwina yada, ndiwalitseko, mpaka khungu la pachipumi linafanana ndithu ndi la pamkono koma mutu unali ukuyandamabe. Chomwe chinanditsegula maso ndi chinthu chaching'ono: ndinaika leya ya Black & White, yomwe ili ngati pepala loonekera lochotsa kala, pamwamba pa zonse kuti kala isamandisokoneze, kenako ndinachepetsa foto pa sikirini mpaka inakhala ngati chikhadabo. Pamenepo zinaonekera poyera. Phewa lowala linali la kumanzere kwa foto, tsaya lowala linali la kumanja. Dzuwa limodzi silingachite zimenezo.

Ndiye ndinayamba kuwerenga foto iliyonse payokha kuti kuwala kukuchokera kuti. Pa thupi ndinayang'ana mthunzi wa kolala pa bulauzi ndi mthunzi wa munthuyo pansi, yonse ikugwera kumanja ndi kumunsi, kutanthauza dzuwa lili kumanzere komanso m'mwamba. Mthunzi wa pansi unali wotalika pafupifupi ngati mwini wake, ndipo zikatero dzuwa limakhala pa madigiri ngati 45. Pa nkhope ndinazuma m'maso, chifukwa diso ndi lonyowa komanso lozungulira ndiye limaonetsa chomwe chikuwalitsa ngati kagalasi. Munali kabokosi koyera ka ngodya zinayi mbali ya kumanja, poti pa wotchi tingati pa 3 koloko. Windo imeneyo, ndipo inali chammbali osati m'mwamba. Mphuno nayo inavomereza, mthunzi wake unali ukupita chammbali kumanzere osatsikira ku mlomo.

Za kumanja ndi kumanzere ndinathana nazo ndi Flip Horizontal, nkhope n'kutembenuka, tsaya lowala n'kubwera kumanzere. Zinatheka chifukwa pa mafoto onse awiri anali atayang'ana kutsogolo, akanakhala kuti anapotolako khosi bwenzi kutembenuzako kukusemphanitsa mutu ndi mapewa. Komanso nkhope ya munthu siifanana mbali ziwirizi. Iye ali ndi kadontho kakuda pansi pa diso limodzi, ndipo katasamukira mbali ina ndinayenera kukabwezera kwawo ndi Clone Stamp, chida chokopera kachigawo ka foto n'kukamata pena, apo ayi aliyense womudziwa akanaona kuti china chake chasintha.

Koma apa mpomwe ndinazindikira kuti mbali ndi theka chabe la nkhaniyi. Kuwala kunali kukuchokera kolondola tsopano, koma thupi linali ndi mithunzi yakuthwa ngati yodula ndi lumo pomwe nkhope inali yofewa paliponse, mdima ukungolowerera pang'onopang'ono osadziwa pomwe wayambira.

Ine kale ndinkaganiza kuti mthunzi umathwa chifukwa kuwala ndi kwamphamvu. Ayi ndithu. Chomwe chimalamula ndi kukula kwa chinthu chowalitsacho momwe chikuonekera ukaima pomwe pali munthu wojambulidwayo. Dzuwa ndi lalikulu zedi koma lili kutali, ndiye kumwamba limangotenga malo okwana theka la digiri basi, kadontho. Windo ya mita imodzi ukaima mita imodzi kuchokera pomwe ili imadzadza mbali yonse ya nkhope, kuwala kwa m'mphepete imodzi ya windo kumafika pomwe kwa m'mphepete inayo kwatsekeka, ndiye malire a mthunzi amasungunuka. Ndinayesa ndekha usiku ndi tochi ya foni: dzanja pafupi ndi khoma, mthunzi wakuthwa. Nditaika pepala loyera patsogolo pa tochi motalikirako pang'ono kuti pepala lonse liziwala, mthunzi womwe uja unafewa pompo.

Pali chachiwiri chomwe ndinaona pa khoma lomwelo, ndipo ichi ndi chomwe chinandithandiza kwambiri. Dzanja likamatalikira khoma, mthunzi umafewerafewera ngakhale nyale ndi yomweyo. Padzuwa, kufewa kwa malire kumakhala pafupifupi mtunda wa pakati pa chinthu ndi pomwe mthunzi wagwera ukaugawa ndi 110. Chibwano chikakhala masentimita 10 kuchokera pachifuwa, malire amafewa milimita imodzi yokha. Koma pa windo ija, mphuno yotalika masentimita 2 imaponya mthunzi womwe malire ake amasungunuka pafupifupi masentimita 2 omwewo, n'chifukwa chake sumaoneka ngati mthunzi n'komwe, umangokhala kamdima ka pa tsaya.

Ndiye ndinapita kukayeza pa foto ya thupi. Ndinazuma pa mthunzi wa kolala n'kuwerenga kuti kuchoka powala kufika pamdima pakutenga mapikiselo angati, ndinapeza ngati 3. Pa nkhope, mbali ya mphuno, anali kupitirira 40. Kusiyana kumeneko ndi komwe diso limagwira.

Momwe ndinachitira: ndinapanga leya ya Curves yodetsa, ndinaimangirira ku nkhope yokha ndi Clipping Mask, masiki yake n'kuidzadza yakuda kuti isaoneke kaye, poti pa masiki chakuda chimabisa leya, choyera chimaionetsa. Kenako ndinajambula mawonekedwe a mthunzi wa mphuno ndi Lasso, wotsika chopendekera kumanja kulunjika ku ngodya ya mlomo, chifukwa dzuwa lili m'mwamba kumanzere ndiye mthunzi uyenera kuthawira mbali inayo, molingana ndi momwe wa kolala wapendekerera. Ndinaudzadza zoyera pa masiki n'kufewetsa malire ake ndi Gaussian Blur ya mapikiselo 2. Ndinachitanso chimodzimodzi pansi pa nsidze, chifukwa dzuwa likakhala m'mwamba maso amalowa mumthunzi, ndiponso kamzere kakang'ono pansi pa mlomo wam'munsi.

Apa ndinalakwitsa kamodzi ndipo ndikufuna ndinene bwinobwino. Nditaona kuti kuthwa kukugwira ntchito ndinakathwetsanso mdima wa pa tsaya la kumanja, nkhope n'kuoneka ngati yagawidwa pakati ndi rula. Mithunzi ya pankhope ili mitundu iwiri. Wina ndi woponyedwa, ngati wa mphuno pa tsaya kapena wa chibwano pakhosi, umenewu ndi womwe umathwa padzuwa. Winawo ndi wobwera chifukwa tsaya lenilenilo ndi lozungulira ndipo likukhota kuthawa kuwala, umenewu umalowa pang'onopang'ono ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndinaona zimenezi pa mkono wake womwe: mthunzi wa mkono wa bulauzi pa khungu unali wakuthwa, koma kuzungulira kwa mkonowo kunali kofewa. Ndiye wa pa tsaya ndinaupaka ndi burashi yofewa, Hardness pa 0, Flow pa 3%, kubwerezabwereza mpaka mdima wake unayandikira wa kumbali ya mkono.

Kuti ndidziwe mdima wokwanira sindinadalire maso okha. Ndi Eyedropper, chida choyezera kala ya pamalo, ndinayang'ana nambala ya B pa HSB, yomwe imaonetsa kuwala kuyambira 0 mpaka 100: pa mkono powala inali 62, pamthunzi 28. Pa nkhope inali 55 ndi 40. Ndiye ntchito inali kutalikitsa manambala awiriwa, kukweza mbali yowala ndi Curves ina, kutsitsa yamdima. Ndipo mthunzi si wakuda bii. Nditayesa kupaka zakuda pa Multiply khungu linatuwa ngati phulusa. Panja, malo omwe dzuwa silikufika amawalitsidwa ndi thambo ndiye amapendekera ku buluu pang'ono, pomwe pamalire penipeni pa mthunzi khungu limafiirirako chifukwa kuwala kumalowa pang'ono mkati mwa khungu n'kutulukira pambali. Ndinatsitsa Red pang'ono mkati mwa mthunzi, n'kusiya kamzere kofunda m'malire.

Khosi ndi lomwe linanditengera nthawi yambiri, ndipo ndikuona kuti mpomwe mutu umakhazikika kapena kuyandama. Chibwano chatsopano sichinali chimodzimodzi ndi chakale poti mutu unali utawerama mosiyana pang'ono, ndiye mthunzi wakale wa pakhosi sunkagwirizana nacho. Ndinaujambulanso potsata mzere wa chibwano chatsopano, ndipo sindinaupatse kufewa kumodzi konse. Pafupi ndi nsagwada, pomwe khungu latsala pang'ono kukhudzana, ndi wakuda kwambiri komanso wakuthwa. Kumunsi cha pachifuwa ndinaufewetsako n'kuupepukitsa, chifukwa uko mtunda wakula komanso kuwala kochokera m'mbali kumalowako.

Zomaliza zinali zing'onozing'ono koma zimaoneka. Kabokosi ka windo m'maso ndinakafufuta n'kuika kadontho kakang'ono kowala cha pakati pa 10 ndi 11 koloko, malo amodzimodzi m'maso onse awiri. Pa khungu lakuda kunyezimira kwa pachipumi, pamphuno ndi pamwamba pa tsaya kumanena zambiri za komwe kuwala kuli, mwina kuposa mthunzi umene. Kwa pa windo kunali kotambalala komanso kozizira, ndiye ndinakuchepetsa n'kuika kwina kochepa koma kowala kwambiri, chakumtunda kumanzere kwa chipumi, kofanana ndi komwe kunali paphewa.

Chomwe sindinathe kukonza ndi maso. Munthu ali padzuwa amatsinzinako, zikope zimatsika, masaya amakwera pang'ono. Wa m'nyumba maso ali tong'o, omasuka. Mthunzi wa pansi pa nsidze unabisako koma ukayang'anitsitsa zimaonekabe. Ndipo ndaona kuti mwayi wanga unali woti nkhope yofewa ndi yomwe imapita padzuwa, poti kuwonjezera mthunzi pomwe panalibe n'kotheka. Ndinayesa mobwerera pa foto ina kuti ndione, nkhope ya padzuwa kuiika pa thupi la pamthunzi, zinakanika. Ukawalitsa mthunzi wa mphuno mumatuluka timadontho ta phokoso la kamera ndi kala yachilendo, malire ake amatsalabe ngati chipsera, ndipo pachipumi pomwe panayera mbee palibenso khungu loti ulibweze. Mchemwali wanga ndamuuza kale kuti ulendo wina tikamajambula, ndizimujambula kasanu kapena kupitirira pamalo omwewo asanasunthe, kuti akaphethira pa foto ina, nkhope ina ichokere pa dzuwa lomwelo.