Makina akuda opanda buku: mmene ndimapezera singano ndi lamba wake kuno ku Joni

Makina osokera ambiri amene Amalawi timagula kuno ku Joni ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo amabwera opanda buku, opanda lamba, nthawi zina opanda ndi singano yomwe. Ukafika kusitolo ku Fordsburg kapena m'tauni n'kungotchula dzina lolembedwa pamkono wa makinawo, wogulitsa amangopukusa mutu. Sikuti ndi mwano. Dzina la pabaji nthawi zambiri ndi la amene ankagulitsa makinawo, osati la fakitale imene inawapanga. N'chifukwa chake ine baji ndimaiwerenga pomaliza, ndimayamba ndi thupi.

Tiyeni titenge makina amene ali patebulo langa panowa, a mayi wina wa ku Rosettenville: akuda, achitsulo cholemera, a maluwa agolide, baji yake ili ndi dzina losadziwika ndi mawu oti De Luxe.

Choyamba ndimafunafuna tenshoni, kaja kozungulira kamene kamapana ulusi wapamwamba. Pa makina awa kali kumapeto kwenikweni kwa mutu, pa chivindikiro chakumanzere, koloza kumanzere. Pamenepo ndadziwa kale banja lake. Kapangidweka n'ka Singer 15, ndipo ndi makina amene anakoperedwa kwambiri: a ku Japan opangidwa nkhondo yachiwiri itatha, Butterfly wa ku Shanghai, ndi ambiri a ku India. Tenshoni ikanakhala kutsogolo, moyang'anizana ndi wosoka, ndikanaganiza za Singer 66, 99 kapena 201, amene bobini wake amagona chathyathyathya ndipo mumangomuponyamo kuchokera pamwamba. Ndikaona tizitseko tiwiri titalititali pansi pa singano ndi bobini wautali ngati kamtengo, amenewo ndi a banja la 27 ndi 127 kapena aang'ono ake 28 ndi 128.

Kenako ndimagoneka mutu wa makinawo chagada n'kuchotsa kanyumba ka bobini. Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu, ndipo anthu ambiri amapadumpha. Kanyumbaka kali ndi kachala kamene kamalowa pampata wake. Muyerekeze kuti mukuyang'ana wotchi. Pa makina a mayiwa kachalako kakuloza pa 1 koloko, monga zimakhalira pa Singer 15 wakale ndi pafupifupi onse omukopera. Pa 15K88, 15K90 ndi 15-91 kamaloza pa 11 koloko. Bobini ndi yemweyo pa onsewa, koma tinyumbati sitisinthanitsidwa. Komanso kachalaka ndi kamene kamandiuza mbali yoikira singano: pa a 1 koloko, mbali yafulati ya singano imayang'ana kumanja ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzere; pa a 11 koloko, ndiponso pa 201, fulati imayang'ana kumanzere ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanja. Mukatembenuza, makina amadumpha misoko kapena osakoka n'komwe ulusi wapansi, ndiye munthu amayamba kumasula zitsulo zimene zinalibe vuto. Zimandipweteka mtima kuona makina abwinobwino atasokonezedwa chifukwa cha singano yoyang'ana kolakwika.

Tsopano ndi pamene ndimabwerera ku baji ndi manambala, kuti ndidziwe zaka. Pa Singer weniweni nambala imadindidwa pachitsulo chafulati cha makina pamene pamadutsa nsalu, kutsogolo kwa chipilala chakumanja. Ikakhala manambala okhaokha opanda chilembo, makinawo ndi a chaka cha 1900 chisanafike. Yoyamba ndi Y kapena ndi zilembo ziwiri zoyamba ndi E, monga EF, ndi ya fakitale ya ku Clydebank ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1980. Za E zinayamba cha m'ma 1935. Chilembo K cha mu 15K kapena 99K chimanena fakitale yomweyo. Baji yokhala ndi mkombero wabuluu ndi zaka 1851 ndi 1951 ndi ya chikondwerero cha zaka 100 za kampaniyo, choncho makinawo anagulitsidwa chapamenepo. Zilembo ndi manambalazi mukhoza kuziyerekezera ndi mndandanda wa manambala a Singer kuti mupeze chaka chake.

Makina a mayiwa si Singer, kotero mndandandawo sungathandize, ngakhale nambala yake itafanana ndi ina ya mmenemo. Pansi pake ndapeza zilembo JA ndi nambala, chizindikiro choti ndi a ku Japan. Ali ndi chobwezera msoko kumbuyo ndi kabowo kokonzeratu komangirapo mota pansi pa gudumu. Ndikhoza kunena kuti ndi a m'zaka za m'ma 1950 kapena 1960, ndipo pogula zipangizo zimenezi n'zokwanira.

Singano yake ndi ya makina a m'nyumba, yafulati mbali imodzi. Papaketi imalembedwa 130/705H, 15x1, HAx1 kapena 2020. Mayina anayi, singano imodzi. Nambala inayo, monga 90/14 kapena 100/16, ndi kunenepa kwake basi: 90/14 imakwana pa chitenje, 100/16 pa jinzi. Chenjerani m'masitolo a zipangizo za mafakitale, chifukwa kumeneko singano yofala ndi DBx1, ya makina ngati Juki DDL-8700. Kutalika imafanana ndithu ndi ya m'nyumba, koma tsinde lake ndi lozungulira ndiponso lowonda. Imalowa, kabauti n'kuigwira, koma imakhala posayenera, ndiye imadumpha misoko kapena kugunda chokolera ulusi mpaka kuchikanda. Ine ndimaigudubuza pakati pa zala ndisanalipire. Singer 206, 306 ndi 319 ndi a m'nyumba koma amafuna singano yawoyawo, 206x13. Mukapeza amenewa musakakamize ina.

Lamba sasamala za dzina, amangofuna muyeso. Mayiwa akufuna kuika mutuwu pathebulo lopondera, ndiye pakufunika lamba wachikopa wozungulira, wonenepa mamilimita pafupifupi 5, amene amagulitsidwa wotalika masentimita pafupifupi 183 ndi kawaya kolumikizira. Ndimamudutsitsa pa gudumu lapamwamba, m'mabowo awiri a thebulo, ndi pa gudumu lalikulu lapansi, ndimakoka kuti nsonga zidutsane, n'kuika chizindikiro pokumanirapo. Ndimadula mosiyako pang'ono, chifukwa wautali mukhoza kumudulanso koma wamfupi watayika. Bowo ndimaboola ndi kamsomali, mamilimita 5 kapena 6 kuchokera kunsonga, pakatikati penipeni. Likapendekera m'mbali chikopa chimang'ambika. Chikopa chatsopano chimatamuka, choncho pakapita masabata angapo lamba akayamba kuterereka, mumasule kawaya, mudulepo sentimita imodzi, mulumikizenso.

Akadzafuna kuikapo mota, njira ndi ina. Ndimamasula bauti wogwira mota, n'kuiimika pakati pa mpata wake wokwera ndi kutsika, kenako ndimakulunga chingwe mumsewu wa gudumu ndi wa kagudumu ka mota n'kuchiyeza. Chingwecho ndimapita nacho kusitolo pamodzi ndi kanyumba ka bobini. Lambayo akaikidwa azibonyoka pafupifupi sentimita imodzi mukamudina ndi chala; wothina kwambiri amatenthetsa mota ndipo makina amalemera. Muwerengenso kachitsulo ka pa motayo musanalumikize kumagetsi: kuno ndi mavoti 230, ndipo mota yolembedwa 110 V imapsa. Pa 15-91 ndi 201-2 musavutike kufuna lamba, mota yake inamangidwira kumbuyo kwa gudumu ndipo imayendetsa makina ndi magiya.