Mphindi zisanu pamaso pa mabwana

Lolemba m'mawa abwana anga anandiitana n'kundiuza kuti Lachisanu ndikalankhule pa msonkhano wa akuluakulu a kampani za vuto la malole. Anati andipatsa mphindi zisanu, ndipo anabwereza kuti zisanu zokha, poti pandandanda panali nkhani zina zisanu ndi imodzi. Ine ndimayang'anira nkhokwe ya katundu ku Kanengo. Tili ndi folokolifiti imodzi yokha, makina onyamulira ndi kupakilira katundu, ndiye malole amachita kundanda mpaka kugeti. Pangano lathu ndi eni malole limati lole ikadikira kupitirira maola awiri, timalipira K25,000 pa ola lililonse lowonjezera. Pa miyezi itatu yapitayi chindapusa chimenechi chatidyera K12.6 miliyoni.

Usiku womwewo ndinakonza masilaidi 14. Ndinayamba ndi mbiri ya nkhokwe, kenako mmene katundu wachulukira, kenako zithunzi za mzere wa malole, ndipo pempho langa, loti tibwereke folokolifiti yachiwiri, linali pa silaidi ya 13. Kwa ine zinkaoneka zaulemu. Tinaleredwa kuti kwa akulu sufikira kupempha, umayamba walonjera, n'kufotokoza kumene wachokera, pempho n'kubwera pamapeto ngati pa chinkhoswe.

Lachiwiri nthawi ya nkhomaliro ndinapempha mayi wina wa ku akaunti, amene walowa m'misonkhano imeneyi kwa zaka zambiri, kuti andimvetsere. Anaika foni patebulo n'kuyamba kuwerenga nthawi. Itakwana, ndinali pa silaidi ya 6, ndikufotokozabe za kukula kwa geti.

"Achimwene, ndiye mukufuna chiyani kwenikweni?" anafunsa.

Ndinati pempho lili kutsogoloku. Anaseka. "Kutsogoloko simudzafikako. Anthu aja akamva munthu akuyamba ndi mbiri, m'mutu mwawo amayamba kuganiza okha kuti kaya uyu akufuna ndalama, kaya akudzadandaula, kaya akudziteteza. Akamaganiza zimenezo sakumvaninso. Komanso sadikira kuti mumalize. Adzakudulani pakamwa mphindi yachiwiri isanathe, ndiye chimene mwabwerera chikhale chitanenedwa kale."

Anandipatsa ntchito imodzi, yoti ndilembe chiganizo chimodzi chimene chingakwane ngakhale atandiuza kuti nthawi yatha nditangochinena. Chikhale ndi zinthu zitatu: chimene ndikufuna kuti avomereze, mtengo wake, ndi chimene kampani ipindule.

Chiganizo chimenechi chinandidyera Lachitatu lonse. Choyamba ndinalemba kuti "Malole akuchedwa kwambiri pankhokwe." Umenewo ndi mutu wankhani chabe, palibe chimene bwana angavomereze kapena kukana. Chachiwiri ndinati "Tikufunika folokolifiti ina." Apa pempho lilipo, koma aliyense angaganize kuti ndikufuna yogula, yomwe ndi nkhani ya ndalama zambiri ndi bajeti ya chaka. Kuti ndilembe phindu lake, ndinayenera kudziwa kuti pa maola amene timalipira aja, ndi angati amene amadza chifukwa cha folokolifiti. Ndinakatenga buku la alonda apageti, momwe amalemba nthawi yolowa ndi yotuluka, n'kuliyerekeza ndi mapepala opakilira. Ndinapeza kuti pa maola khumi aliwonse, asanu ndi awiri ndi odikira folokolifiti, atatu enawo ndi mapepala ochedwa kusainidwa kapena netiweki ikagwa. Choncho pa K4.2 miliyoni imene timataya pamwezi, imene folokolifiti ingapulumutse ndi pafupifupi K2.9 miliyoni. Ndikanapita ndi masilaidi oyamba aja ndikanalonjeza ndalama yonse, bodza losadziwa.

Madzulo chiganizo chinatuluka chotere: "Ndikupempha kuti muvomereze lero kubwereka folokolifiti yachiwiri kwa miyezi itatu pa K1.8 miliyoni pamwezi, kuti tichepetse chindapusa cha malole ndi pafupifupi K2.9 miliyoni pamwezi." Nditachiwerenga mokweza chinatenga masekondi 15. Moni sindinamutaye ayi, ndinangomufupikitsa: "Zikomo bwana wapampando ndi nonse", basi, n'kulowa m'chiganizo.

Lachinayi ndinagawa nthawi. Mphindi zisanu ndi masekondi 300, koma ndinakonza zolankhula za masekondi 240 okha, poti pamaso pa anthu mawu amakoka, wina amatsokomola, pulojekita imachedwa. Masekondi 30 oyamba anali a moni ndi pempho. Mphindi ziwiri ndi theka zinali za zifukwa, ndipo zifukwazo ndinazisankha podzifunsa kuti munthu akamva chiganizo changa, funso loyamba limubwerere ndi liti. Adzafunsa ngati vutolo ndi lalikuludi, yankho ndi K12.6 miliyoni ija. Adzafunsa ngati gwero lake ndi folokolifiti, yankho ndi buku la pageti. Adzafunsa chifukwa chobwerekera m'malo mogula, yankho n'lakuti katundu amachuluka nyengo ino yokha, ndipo tikabwereka tidzaona ngati mzere wathadi tisanamange ndalama zambiri. Chilichonse chosayankha limodzi la mafunso atatuwa ndinachichotsa, kuphatikizapo zithunzi za mzere zimene ndinazijambula ndekha padzuwa ndipo ndinkazikonda. Masekondi 60 otsalawo ndinaika chimene chingalakwike, chomwe ndi maola atatu a mapepala amene folokolifiti siiwakhudza, kenako kubwereza pempho ndi tsiku loyambira.

Masilaidi anatsala anayi. Mitu yake ndinaisintha kuti ikhale ziganizo zathunthu. Pamene panali "Nthawi yodikira" ndinalembapo "Maola 7 pa 10 aliwonse ndi odikira folokolifiti", kuti bwana amene akuyang'ana foni akadzutsa mutu apeze mfundo yonse pamzere umodzi. Khumi otsalawo ndinawakankhira kumapeto, kuseri kwa silaidi yotsekera, kuti ndiwatsegule pokhapokha wina atafunsa. Mayi aja anandimvetseranso, ndinamaliza pa mphindi 4 ndi masekondi 10. Anangoti ndisiye kunena "monga mukudziwa kale", poti ngati akudziwa palibe chonenera.

Lachisanu msonkhano unachedwa, ndinalowa nthawi ikupita ku 12 koloko, anthu akuganiza za nkhomaliro. Wapampando anati, "Tiyeni mwachangu, achimwene." Ndinanena chiganizo changa pulojekita isanayake n'komwe. Ndisanamalize chifukwa choyamba, mkulu wa zachuma anandidula.

"K1.8 miliyoni imeneyi, dizilo alimo?"

Munalibe. Mtengowo unali wa makina ndi dalaivala wake, mafuta ndi athu, ndipo ndinali ndisanawaphatikize. Ndinavomera pompo. Folokolifiti yathuyi imamwa dizilo wa pafupifupi K600,000 pamwezi, ndiye ndinati tiyerekeze chimodzimodzi, kutanthauza kuti phindu limene ndimaliona ngati K1.1 miliyoni latsika kufika pa K500,000. Thukuta linatsika kumsana. Komabe kukambirana konse kunakhala pa pempho lenilenilo, wina akufunsa za nthawi, wina za mapepala ochedwa aja, ndipo ndinatsegula silaidi imodzi yakumapeto yoonetsa maola a sabata iliyonse. Chifukwa chachitatu sindinachinene, mkulu wina anachinena yekha.

Anavomereza mwezi umodzi woyesera m'malo mwa itatu, ndipo anati ndibwerenso ndi buku la pageti komanso malisiti a dizilo. Za mapepala anazipereka kwa abwana anga kuti akambirane ndi a ku akaunti. Folokolifiti ikufika Lachiwiri, ndipo alonda ndawauza kuti awonjezere mzere m'buku mwawo wolembamo nthawi imene lole yayamba kupakilidwa.